Msoko Umene Telala Sanasoke

Munthu akamasankha chitenje pamsika, kaya ku Limbe kaya ku Lilongwe, sayamba ndi kuwerenga maluwa limodzilimodzi. Amauza wogulitsa kuti atambasule, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyang'ana nsalu yonse kamodzi. Pakanthawi kochepa ako amakhala ataweruza kale. Akati "iyi ayi, ikuoneka ngati yosokonekera," mwina sangathe kuloza chala pamene pasokonekera, koma nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Diso lake laona chinthu chimene wojambula nsaluyo sanachione, chifukwa wojambula ankayang'ana kachigawo kamodzi pakompyuta, pomwe wogula akuyang'ana kachigawo komweko katabwerezedwa kambirimbiri.

Apa ndi pamene pagona ntchito yanga. Ndakhala ndikujambula maluwa a nsalu ndi a mapepala okulungira mphatso kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano anthu amandibweretsera zojambula zawo kuti ndizione zisanapite kukadindidwa. Chimene wojambula amapanga si nsalu, koma chigawo chimodzi cha makona anayi, chimene makina adzachidinde mobwerezabwereza, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi. Pachitenje cha mamita awiri, chotambalala pafupifupi masentimita 115, chigawo cha masentimita 32 mbali zonse chimaoneka kopitirira ka 20. Ndiye kuti kacholakwika kamodzi sikakhala kamodzi. Kamakhala pamzere, kotalikirana mofanana, ndipo diso la munthu silichedwa kugwira zinthu zimene zafola pamzere. Chimandipweteka n'chakuti zolakwika zimenezi zimakonzedwa m'madzulo amodzi zikapezeka pa nthawi yake, koma zikadutsa, amayi mazanamazana amazivala m'chiuno mpaka nsalu itatha.

Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zojambula pakompyuta, anapatsidwa ntchito ndi amayi a mpingo wina wa kunyanja. Ankafuna chitenje cha chikondwerero chawo, ndipo popeza mipingo yambiri inasonkha ndalama, nsalu inali yochuluka moti kunali koyenera kukaidinda kufakitale. Mtsikanayo anajambula nsomba za chambo, mabwato okhala ndi wopalasa, ndi masamba a bango, zonse pa buluu wa madzi. Panayenera kukhalanso chizindikiro chozungulira chokhala ndi dzina la bungwe lawo ndi chaka. Chigawo chake chinali chokongola, ndipo ndinamuuza choncho chifukwa zinali zoona. Nsomba zake zinali ndi moyo.

"Amalume, ndiye ndingotumiza?" anafunsa.

Ndinamufunsa kukula kwa chigawocho. Anati masentimita 30 mbali zonse, chifukwa nambala imeneyo inamuonekera yabwino. Funso limeneli ndimayamba nalo nthawi zonse, ndisanayang'ane ngakhale nsomba imodzi, chifukwa kukula kwa chigawo sasankha ndi wojambula. Amasankha ndi makina. M'mafakitale ambiri nsalu imadindidwa ndi masilinda achitsulo chopyapyala okhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Utoto umapopedwa m'kati mwa silinda n'kumatulukira m'timabowomo pamene nsalu ikudutsa pansi pake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi silinda yakeyake. Silinda yofala kwambiri ikazungulira kamodzi imadinda masentimita 64. Ilipo ina ya masentimita 91.4, amene ndi yadi imodzi, ndi zina zokulirapo. Chojambula chiyenera kuzungulira silinda n'kukakumana ndi poyambira pake popanda kutsala kapena kupitirira. Motero pa silinda ya 64, chigawo chikhoza kukhala 64, kapena 32, kapena 16, kapena 8. Cha 30 chimalowa kawiri n'kusiya masentimita anayi opanda kanthu. Anthu a kufakitale sangasiye mpata umenewo. Adzachikoka chigawocho kuti chikwane, ndipo akachikokera mbali imodzi yokha, chizindikiro chozungulira chija chidzatuluka chobulungira motalika, nsombanso zitaonda kapena zitanenepa. N'kwabwino kukulitsa wekha mbali zonse ziwiri, uli ndi maso ako pa ntchitoyo. Tinaimba foni kufakitale, anatiuza kuti 64, ndipo chigawo chinakhala 32.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene kamabisala m'manambala. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho, ndipo ojambula ambiri anazolowera kuika timadontho 300 pa inchi, chifukwa ndi zimene osindikiza mabuku amapempha. Koma inchi ndi masentimita 2.54, ndiye taonani chimene chimachitika:

```
32 / 2.54 x 300 = 3779.5
32 / 2.54 x 254 = 3200
```

Kadontho sikagawika pakati. Kompyuta idzasankha 3779 kapena 3780, ndipo theka limenelo limakaonekera m'mphepete mwa chigawo, pamene sipafunika kusowa kanthu. Ukaika 254 dpi, sentimita iliyonse imakhala timadontho 100 ndendende, chigawo n'kukhala 3200, theka lake 1600, ndipo masamu onse otsatira amayenda mosavuta. N'chifukwa chake ambiri amene amakonza zojambula za nsalu amakonda nambala yooneka yachilendoyi.

Tsopano msoko. Mphepete ya kumanja ya chigawo idzagundana ndi mphepete ya kumanzere ya chinzake, ya m'mwamba idzagundana ndi ya m'munsi. Ukamayang'ana chigawo chili chokha, malo okumanirawo ali kutali, kumalire a chithunzi, kumene diso silifika. Njira yake ndi kuwabweretsa pakati. Aphunzitsi akale ankachita ndi pepala ndi lumo, ndipo ine ndimaphunzitsabe choncho chifukwa manja akachita, mutu sumaiwala. Umajambula pakati pa pepala osakhudza m'mphepete. Kenako umalidula pakati kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, n'kusinthanitsa zidutswazo, cha kumanja kupita kumanzere, n'kuzimata kumbuyo. Umalidulanso mopingasa, n'kusinthanitsanso. Zimene zinali m'mphepete zabwera pakati, zimene zinali pakati zagawikira kumakona anayi, ndipo umadzaza mpata umene watseguka. Kompyuta imachita zomwezo. Mu Photoshop ndi Filter > Other > Offset, umalemba 1600 m'malo onse awiri n'kusankha Wrap Around. Mu GIMP, imene ndi yaulere, ndi Layer > Transform > Offset, ndipo muli batani losunthira theka la m'lifupi ndi theka la m'litali. Ukatero, misoko yonse iwiri imaima pakati pa chithunzi ngati mtanda, ndipo umaitsata pang'onopang'ono utakulitsa chithunzi, kuyambira kumapeto kufika kumapeto.

Pa chigawo cha mtsikanayo tinapeza zinthu zitatu, ndipo ndimazikumbukira chifukwa chilichonse chinali ndi gwero lake.

Choyamba chinali chosavuta kuona. Nsomba imodzi inadutsa mphepete ya kumanja, ndipo mchira wake unayenera kutulukira kumanzere. Unatulukiradi, koma unali utatsika pang'ono, mwina milimita imodzi, moti msana wa nsombayo unathyoka pamsoko. Anaukoka ndi dzanja, n'kumayeza ndi maso. Chithunzi chilichonse chodutsa mphepete chiyenera kukopedwa chonse n'kusunthidwa ndi nambala yolembedwa, timadontho 3200 osachotsera osawonjezera, ndiponso osakwera kapena kutsika. Choiwalika kawirikawiri ndi cha pakona: tsamba limene lakhala pakona liyenera kupezeka m'makona onse anayi, chifukwa pamenepo pamakumana zigawo zinayi. Ambiri amakumbukira awiri.

Chachiwiri chinali chobisika, ndipo ndi chimene chimawononga nsalu zambiri zojambulidwa ndi manja. Buluu wa madzi anamupaka ndi burashi papepala, n'kumujambula ndi foni pafupi ndi zenera. Kuwala kunachokera kumanzere, motero mbali ya kumanzere inayera pang'ono kuposa ya kumanja. Pachigawo chimodzi kusiyanako kumayenda pang'onopang'ono, diso silikuona. Koma pamsoko, mbali yoderayo imagundana mwadzidzidzi ndi yoyerayo, ndipo nsalu yonse imaoneka ngati yagawidwa m'timabokosi. Vuto ili ukalifufuza utayandikira sulipeza, chifukwa palibe mzere wothyoka. Umalipeza utachepetsa chithunzi, kapena utawonjezera dala kusiyana kwa kuwala ndi mdima kwa kanthawi, kuti zobisika zituluke. Mankhwala ake si kufufuta msoko ndi burashi, chifukwa kutero kumangosiya mzere wina wachimbuuzi. Tinachotsa buluu yense n'kuika wa mtundu umodzi wosalala, ndipo timafunde tinatijambula padera ngati zithunzi zina zonse. Silinda nayonso imafuna zotero, pakuti imadziwa zinthu ziwiri zokha: apa utoto udutse, apa usadutse.

Chachitatu chinali kamzere koyera, kopyapyala ngati tsitsi, kamene kanaoneka titayala zigawo zambiri. Kamzere kotere kamazunguza ojambula, chifukwa nthawi zina n'kabodza, ndi sikirini yokha imene ikulephera kuonetsa bwino malire a zigawo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kulitsa chithunzi. Kamzereko kakamakhalabe kopyapyala chimodzimodzi, kapena kakamasowa n'kubweranso pamene ukusinthasintha kukula, ndiye kuti si ka m'chojambula. Koma kakamanenepa limodzi ndi chithunzi, mpaka uone mzere wa timadontho totuwa, kalipodi ndipo kadzadindidwa. Kathu kananenepa. Bokosi la buluu linkalekezera pamalire enieni a chigawo, ndipo potulutsa fayilo kompyuta inasakaniza kadontho kotsiriza ndi zoyera za kunja. Tinalikulitsa bokosilo kuti lipitirire malire, n'kudula bwino, ndipo tinasunga fayilo ngati TIFF. JPEG siyenera ntchito iyi, chifukwa pochepetsa fayilo imasintha timadontho pang'ono, ndipo sisamala kuti a kumanja agwirizane ndi a kumanzere.

Zonsezi ndi ntchito ya kuleza mtima chabe. Aliyense wouzidwa angathe. Gawo limene ndimaliona lovuta, ndiponso limene ndimalikonda, ndi la mipata, chifukwa palibe batani limene lingakuuze kuti apa pathithikana, apa pachita dazi. Chigawo chikhoza kulumikizana bwinobwino popanda kamzere kalikonse, koma nsalu n'kukhalabe yoipa.

Ndimayala zigawo zitatu m'lifupi ndi zitatu m'litali, osachepera apo. Ziwiri sizikwana, chifukwa mzere umayamba kuoneka chinthu chikabwera kachitatu. Kenako ndimadzuka pampando n'kupita kukhomo, n'kuyang'ana nditatsinzina pang'ono kuti nsomba zisiye kukhala nsomba, zingokhala madontho akuda ndi oyera. Tili chiimire pakhomopo, mtsikanayo anaona yekha ndisanalankhule. Panali tinjira ta buluu wopanda kanthu totsika kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, kamodzi pa masentimita 32 aliwonse, ndi tina topingasa. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anayambapo ntchito imeneyi: wojambula amaopa mphepete. Amaunjika zithunzi pakati, n'kusiya kampata kuzungulira, ndipo kampata ka kumanja kakakumana ndi ka kumanzere kamakhala kawiri. Pakati pa nsomba zake panali mpata wa masentimita awiri kapena atatu. Pamsoko unali wa asanu ndi limodzi. Msoko wabwino ndi umene zithunzi zambiri zaudutsa, moti munthu sangalozenso pamene uli.

Ndimayeza mipata ndi kandalama kapena kabwalo kodulidwa papepala. Ndimakayendetsa pakati pa zithunzi. Pamene kakulowa momasuka n'kutsala malo, pali dzenje; pamene sikakulowa n'komwe, pathithikana. Sikuti mipata yonse ifanane ngati yoyezedwa ndi rula, ayi, nsalu yotero imauma. Koma pasakhale umodzi woposa inzake kwambiri, chifukwa umenewo ndi umene udzaoneke pamzere.

Vuto lina linali bwato. Linali limodzi lokha pachigawo, lalikulu ndi lodera kuposa zonse. Titayala, mabwato anafola mizere yowongoka ngati asilikali, ndipo diso linkangolumpha kuchoka pa bwato kupita pa bwato, nsomba zonse zija osazionanso. Chinthu chimene chili chokhachokha pachigawo, kaya ndi chachikulu, kaya ndi kadontho kofiira kamodzi, ndicho chimaulula pamene chigawo chayambira. Ndimachotsa mitundu yonse n'kusiya chithunzi chotuwa kuti ndione chimene chikulemera kwambiri, ndipo nthawi zina ndimachiyang'ana pagalasi, chifukwa diso limene lazolowera chojambula limasiya kuona kupendekeka kwake, koma chikatembenuzidwa limadzidzimuka.

Tinachita ziwiri. Tinawonjezera bwato lina laling'ono loyang'ana kwina, kuti kulemera kugawike. Kenako tinasintha kayalidwe: mzere wachiwiri uliwonse wa zigawo tinautsitsa ndi theka, masentimita 16, monga mmene mmisiri amayalira njerwa kuti mipata isakumane. Kayalidwe aka kamathyola mizere yopingasa. Kali ndi msampha wake, pakuti tsopano theka la m'mwamba la mphepete ina likukumana ndi theka la m'munsi la inzake, ndipo kusuntha kwa 1600 kuja sikuonetsanso msoko woona. Njira yodalirika ndi kumanga chigawo chachikulu chokhala ndi mizere iwiriyo pamodzi, chotambalala 64, n'kuchiyesa ngati chigawo wamba. Kwa ife zinatiyendera, chifukwa 64 ndiyo silinda yathu. Ndipo uyenera kubwereranso kukhomo kuja, popeza mizere yopingasa ikathyoka nthawi zina kumabadwa yopendekeka. Tinasuntha masamba awiri a bango kuti tiphe umodzi wotero.

Pali nsalu zimene mizere yake ndi yadala, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Zitenje zambiri zokondedwa zili ndi maluwa akuluakulu ofola poyera, ndipo kukongola kwake n'komweko. Chimene ndikunena ndi mzere umene wojambula sanaufune, umene wangobadwa chifukwa sanadzuke pampando. Palinso kusalongosoka kwina kumene anthu amakulipirira ndalama zambiri. Pa nsalu za phula zenizeni, monga zimene Vlisco imapanga ku Helmond m'dziko la Netherlands, timing'alu ndi timadontho tosiyidwa ndi phula sitibwera mofanana, chifukwa timachitika pamene nsalu ikupangidwa. Pa nsalu zongotsanzira, timing'aluto timajambulidwa pachigawo, ndipo ukatsata bwino umapeza kamng'alu komweko kakubweranso pamalo ake. Amene anazolowera kufufuza msoko amazindikira zimenezi msanga pamsika.

Tsopano kukula, ndi mbali imene zithunzi zayang'ana. Apa chitenje chili ndi lamulo lake limene mabuku ambiri ophunzitsa ntchitoyi satchula, chifukwa analembedwera anthu osoka madiresi. Mayi akamanga chitenje, m'litali mwa nsalu ndi mmene mumazungulira m'chiuno, ndipo m'lifupi mwake ndi mmene mumatsika kuchoka m'chiuno kufika kumapazi. Choncho mutu wa wopalasa bwato uyenera kuloza kumphepete ya nsalu, osati kutsata m'litali. Silinda imazungulira motsata m'litali, ndiye kuti 64 uja pathupi amakhala wopingasa. Fayilo ikapita kufakitale popanda kunena zimenezi, mabwato akhoza kubwera ataima chilili. Ine ndimajambula muvi pambali pa fayilo ndi kulemba mawu oonekera bwino osonyeza kumene kuli mphepete.

Pa sikirini chilichonse chimaoneka cha saizi yabwino, chifukwa umachikulitsa ndi kuchichepetsa mmene ukufunira. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuchisindikiza papepala pa kukula kwake kwenikweni. Pepala la A4 ndi masentimita 21 ndi 29.7, choncho pamafunika mapepala angapo omatidwa pamodzi. Posindikiza usankhe Actual size, osati Fit, pakuti pulinta imakonda kuchepetsa mwakachetechete kuti zonse zikwane. Ndimaika mzere wa masentimita 10 pambali n'kuuyeza ndi rula pepala likatuluka, ukapereka 9.4, ndiye kuti zonse zimene ukuona n'zabodza. Za mitundu usakhulupirire pepalalo, koma za kukula likhulupirire.

Tinamata mapepala okwana kukulunga munthu, mtsikanayo n'kudzimanga m'chiuno, ine n'kuima patali ngati mmene munthu amaimira kumbuyo m'tchalitchi. Nsomba za masentimita 12 zinaoneka bwino. Koma mamba ake, amene anawajambula ndi timizere topyapyala kwambiri, anasanduka utsi, ndipo pansalu zikanaipirapo chifukwa utoto umafalikira pang'ono mu ulusi: kamzere koyera kopyapyala pakati pa buluu kamatsekeka, kakuda kamaduka. Ine sindilola kamzere kochepera theka la milimita, ndipo ndimafunsabe a kufakitale malire awo. Tinachepetsa mamba, n'kuwanenepetsa.

Popeza abambo ena ankafuna malaya a nsalu yomweyo, tinapita ndi mapepala aja kwa telala wa pafupi ndi kwathu, bambo wachikulire amene wakhala pamakina zaka zambiri. Anaika thumba la malaya pamwamba pa pepala, kenako kolala.

"Achimwene, pakolala padzangooneka mchira," anatero. "Koma zimenezo zilibe kanthu. Vuto ndi mabwatowa. Onse ayang'ana kumwamba, ndiye sindingatembenuze chidutswa kuti ndisunge nsalu. Muwauze agule yokwanira."

Ananena zoona. Nsalu imene zithunzi zake zayang'ana mbali zonse, telala amaidula molowetsana, china chozondoka, n'kupulumutsa nsalu. Ya mbali imodzi imadya yambiri. Sitinasinthe, chifukwa bwato lozondoka kwa anthu a kunyanja si chithunzi chabwino, koma amayi aja anauzidwa asanaitanitse, ndipo anawonjezera mamita.

Chinatsala ndi chizindikiro chozungulira chija, ndipo apa ndi pamene ndinaumirira kwambiri. Chinali cha masentimita 30, chobwera kamodzi pa masentimita 64 aliwonse, kusiya mpata wa 34 pakati. Amayi ankati adzadula nsalu pa mamita awiri awiri monga mwa nthawi zonse. Ndinatenga pensulo. Zizindikiro zitatu zimatenga masentimita 192, ndiye pa mamita awiri pamatsala 8. Mukayamba kudula pakatikati pa mpata, muli ndi masentimita 17 musanafike pa chizindikiro. Kudula koyamba lumo ligwa pa 8, kwachiwiri pa 16, kwachitatu pa 24, ndipo pamenepo lalowa m'dzina la bungwe. Lidzalowanso pa 32 ndi pa 40. Pa kudula kasanu ndi katatu kulikonse, katatu lumo lidzang'amba chizindikiro, ndipo kung'amba kulikonse kumawononga zitenje ziwiri. Amayi amene asonkha ndalama zofanana ena akanalandira chitenje chathunthu, ena cha dzina lodukira pakati, ndipo ndikudziwa mmene nkhani yotero imapwetekera pagulu. Ndinawafotokozera amayi apampando, iwo anati, "Ndiye tidule pa 192, masentimita asanu ndi atatuwo palibe adzawalire." Tinaika kachizindikiro kakang'ono m'mphepete mwa nsalu pakatikati pa mpata uliwonse, ndipo wodula ankawerenga titatu. Silinda ikanakhala ya yadi imodzi, kudula mayadi awiri awiri kukanagwera pamalo amodzi nthawi zonse.

Pepala lokulungira mphatso limafuna kufufuza komweku, koma mayeso ake ndi bokosi, osati thupi. Mapepala ambiri otere amagulitsidwa a masentimita 50 ndi 70, ndipo wogula sadzaliona lotambasuka kupatula m'sitolo. Adzaona nkhope imodzi ya kabokosi, mwina ya masentimita 10. Nsomba yathu ya 12 pamenepo ikanakhala mimba yopanda mutu. Ndimakulunga kabokosi ka sopo, buku ndi bokosi la nsapato ndi pepala loyeserera, ndipo pa nkhope iliyonse ndimafuna kuonapo chithunzi chathunthu ngakhale chimodzi. Pepala limapindidwa mbali zonse, choncho zithunzi zoyang'ana uku ndi uku ndizo zimagwira, ndipo ngati pali mawu, ena alembedwe mozondoka kuti awerengeke kulikonse kumene bokosi layang'ana. Wosindikiza amafunanso kuti chojambula chipitirire malire a pepala ndi mamilimita atatu, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale mzere woyera.

Pa nsalu, kufufuza kotsiriza sikuchitika pakompyuta. Fakitale imadinda kachidutswa koyeserera, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kuti asavomere ntchito yonse asanakagwire m'manja. Kathu katabwera tinakayeza ndi tepi kuchokera pa diso la nsomba kufika pa diso la nsomba yomweyo, kuti tione ngati 64 akadali 64. Tinayang'ana pamene chikasu chakumana ndi buluu, chifukwa masilinda sagwera pamodzi ndendende nthawi zonse, ndipo ngati mtundu wowala sunalowetsedwe pang'ono pansi pa wodera, pamatsala kampata koyera kuzungulira chithunzi. Pa zipsepse za nsomba kanalipo, ndipo tinapempha kuti chikasu achikulitse pang'ono. Kenako tinakachapa, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, kawirikawiri m'litali kuposa m'lifupi, n'kuyezanso chizindikiro chozungulira mbali zonse ziwiri. Chinasiyana ndi mamilimita ochepa, osaoneka ndi maso. Amayi apampando anasaina kachidutswa kachiwiri kamene kanabwera chikasu chitakonzedwa, n'kusunga theka lake kuti adzafanizire ndi mipukutu ikadzafika.